Galu wa aneba waluma Dalitso: tidikire masiku khumi kapena tipite?

LACHIWIRI MADZULO

Make Dalitso (Domwe), 17:42
Abale ndithandizeni maganizo. Mwana wanga Dalitso, wa zaka 7 uja, walumidwa ndi galu wa aneba pompano. Amakatola mpira wake wa mapepala kuseri kwa nkhokwe yawo. Wamuluma kudzanja lamanja, pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, mano awiri alowa ndipo magazi atuluka. Pa katumba pali pongokalika. Eni galu akuti anabayitsa, ndisade nkhawa. Ndamumanga kansalu. Kwada kale, chipatala chili kutali.

Anamwino Nangozo (Mowatize), 17:45
Achemwali masulani kansaluko. Ikani foni pansi, tengani sopo ndi ndowa ya madzi. Wina azithira ndi kapu pang'onopang'ono kuti madzi aziyenda, inu muzipaka sopo ndi kutsuka mpaka m'kati mwa timabowo ta manoto. Mphindi 15 zathunthu, muyang'ane nthawi pafoni. Pa katumbaponso chimodzimodzi. Alira, koma musaleke. Mukamaliza mubwere tikambirane.

Amalume Zakariya, 17:48
Ife kale timameta ubweya wa galu yemweyo, kuwotcha, phulusa lake kupaka pabalapo. Ndinalumidwa kawiri ndili mnyamata, ndilipo mpaka lero ndikulima.

Anamwino Nangozo (Mowatize), 17:50
Amalume, ndi ulemu wonse, agalu amene anakulumani aja analibe chiwewe, mwayi wanu unali pamenepo. Phulusa, tsabola, utomoni wa nkhadze, mchere, zonsezo zisafike pabala la mwanayu. Ndipo munthu asayandikire galuyo kuti akamete ubweya, tingawonjezere wolumidwa wachiwiri.

Jere wa Mbatata (Tsangano), 17:56
Kutsuka ndikuvomereza. Koma za kuthamangira kuchipatala, musataye ndalama msanga mayi. Lamulo lake ndi loti galu mumumange masiku khumi. Akafa kapena kupenga, m'pamene mumapita kukabayitsa. Akakhala bwino ndiye kuti nkhani yatha. Zinachitika kwa wantchito wanga kudimba, tinatero, palibe chinachitika.

Make Dalitso (Domwe), 18:09
Ndatsuka. Mphindi 15 ndi zambiri abale, ndowa ziwiri zatha, mwana wakuwa mpaka mudzi wonse wasonkhana. Sopo ndi wochapira zovala uja wa mtanda, ndiye analipo. Apongozi abwera ndi kachasu ati tithirepo.

Anamwino Nangozo (Mowatize), 18:14
Mwachita bwino kwambiri, ndipo sopo wa mtandayo ndi wokwanira. Kachirombo ka chiwewe kamakhala ndi chikuto cha mafuta, sopo amasungunula chikutocho, madzi n'kumachotsa malovu a galu amene atsalira m'bala. Ngati panyumba pali ayodini kapena sipiliti ya kufamasi, pakanipo. Kachasu sitidziwa mphamvu yake, ndipo wina amakhala wosakaniza, musavutike naye, ntchito yaikulu mwaichita kale. Musamange zolimba, kansalu koyera kongophimba fumbi basi. Mawa m'mamawa mupite naye kuchipatala.

A Jere, masiku khumiwo alipodi koma mwawayika polakwika. Masiku khumi ndi oyang'anira galu pamene mwana wayamba kale katemera. Galu akatha masiku khumi ali bwinobwino, akuchipatala angathe kunena kuti jekeseni zotsala zilekeke. Si oti mwana akhale pakhomo kudikira galu.

Jere wa Mbatata (Tsangano), 18:17
Komatu eni ake akuti galuyo ndi wobayitsa.

Fabiyau Mlangizi wa Ziweto (Furankungo), 18:25
Ndalowa mochedwa. A Jere, mawu oti “anabayitsa” ndawamva kwambiri pantchito yangayi. Ukafunsa kuti liti, amati chaka chija kunali njala. Ukafunsa pepala, amati mbewa zinadya. Ena amanena za jekeseni ya njoka za m'mimba. Kuno timalimbikitsa kubayitsa galu chaka ndi chaka. Make Dalitso, funsani eni galuwo mwaulemu akuwonetseni khadi, muwone deti lake. Muwafunsenso ngati galuyo masiku apitawa anamenyana ndi galu wachilendo kapena nkhandwe.

Make Dalitso (Domwe), 18:51
Khadi alibe. Akuti anabayitsa pa nthawi imene abwana a ziweto anabwera pasukulu, koma chaka sakukumbukira. Zomenyana akuti mwezi wathawu kunabwera galu wina usiku, analumana, wawoyu anang'ambika khutu. Koma galuyo ndamuwona ndi maso anga, ali phee pakhonde, thovu alibe, wadya nsima.

Fabiyau Mlangizi wa Ziweto (Furankungo), 19:02
Khutu long'ambikalo ndiye landiwopsa ine. Galu akalumidwa ndi mnzake wachiwewe amatha milungu ingapo, mwina miyezi, osawonetsa kanthu. Kenaka kachirombo kamafika m'malovu masiku ochepa iye asanayambe kuwoneka wodwala. Ndiye akhoza kukuluma lero akuwoneka wabwino, n'kukupatsira. Koma galu amene malovu ake ali kale ndi chiwewe sapitirira masiku khumi asanadwale kapena kufa. Masiku khumi aja amachokera pamenepo. Auzeni amumangirire ndi unyolo pamalo posafika ana, azimupatsa chakudya ndi madzi patali. Asamuphe.

Bento wa Shapa, 19:10
Inenso khoswe anandiluma chala chakuphazi ndili mtulo pa Zobwe sabata yatha. Ndiye kuti ndafa kale?

Anamwino Nangozo (Mowatize), 19:13
A Bento, khoswe wa m'nyumba sitimubayira katemera wa chiwewe. Kawonetseni balalo ngati latupa, basi. Galu, mphaka, nkhandwe, fisi, mleme, amenewo ndiye nkhani ina.

Nasibeko (Zobwe), 20:31
Ndimangowerenga, sindimafuna kulemba. Mchimwene wanga wamng'ono analumidwa ndi kagalu kakang'ono, kamwana, pamkono. Bala lake linali ngati munga wangokanda, linapola sabata yomweyo, tonse tinayiwala. Patatha miyezi iwiri anayamba kunena kuti pachipsera paja pakunyerenyetsa ndi kutentha. Kenaka mutu, thupi kutentha, tinkati malungo. Tsiku lachitatu ndinamupatsa madzi m'kapu. Ludzu anali nalo, anatambasula dzanja, koma kapu itafika pafupi pakhosi panamugwira, anayikankha akunjenjemera. Ngakhale kamphepo ka pazenera kamamudzidzimutsa. Kuchipatala anatiwuza kuti zikafika apa palibenso mankhwala. Anatha masiku anayi. Make Dalitso, mawa pitani, kaya mukongola ndalama ya njinga.

Aphunzitsi Selestinu (Ulongwe), 20:40
Pepani kwambiri mayi Nasibeko. Make Dalitso, ngati ndalama yoyendera yavuta nenani, gululi lilipo.

LACHITATU

Make Dalitso (Domwe), 11:20
Tabwerako kuchipatala chathu chaching'ono. Atsukanso, apaka mankhwala ofiira, amubaya jekeseni imodzi, atipatsanso mapiritsi a masiku asanu. Sanasoke. Ati katemera wa chiwewe alibe, tipite kuchipatala chachikulu. Atilembera kapepala.

Bambo a Dalitso (kumigodi), 11:34
Zikomo nonse pondisamalira banja ndili kuno. Ine ndimati poti jekeseni wabayidwa kale, kwinako tidikire ndilandire kumapeto kwa mwezi. Njinga yamoto kupita ndi kubwera ikudya 400 metikashi, ndiye ati ulendo si umodzi.

Anamwino Nangozo (Mowatize), 11:47
Alamu, jekeseni imene wabayidwayo ndi ya kafumbata, ndafunsa achemwali pambali andiwerengera zimene zalembedwa. Ndi yofunika ndithu, mano a galu ndi dothi zimalowetsa kafumbata. Mapiritsiwo ndi oti bala lisachite mafinya, pakuti mabala a kudzanja amavuta msanga. Koma zonse ziwirizi chiwewe sizichikhudza n'komwe. Anthu ambiri amanamizika pamenepa, amabwerera kunyumba ati ndabayitsa.

Kusasokako achita dala, musawone ngati ulesi. Ukasoka bala la galu umatsekera kachirombo m'kati ndipo singano imakakankhira pafupi ndi mitsempha. Likakhala lalikulu loti silingasiyidwe, timangogwirizitsa pang'ono, ndipo timachedwetsa.

Za kudikira kumapeto kwa mwezi, ayi. Chiwewe sichiyenda m'magazi ngati malungo. Chimakhala kaye pamnofu pamene chalowera, kenaka chimagwira mitsempha ija imene imatipangitsa kumva kukhudza ndi kupweteka, n'kumakwera nayo pang'onopang'ono kupita ku ubongo. Katemera ntchito yake ndi kudzutsa chitetezo cha thupi chisanakwere. Kudzanja mitsempha imeneyi ndi yambiri zedi, n'chifukwa chake bala la kudzanja, kumaso, kumutu ndi m'khosi timaliwopa kuposa la pantchafu. Ndiponso mwana ndi wamfupi, ulendo wokafika kumutu ndi waufupi. Kawirikawiri matendawa amawonekera pakatha mwezi umodzi mpaka itatu, koma pali ena sabata imodzi yokha, ena mpaka chaka. Sitidziwa Dalitso ali mbali iti.

Bambo a Dalitso (kumigodi), 11:55
Nanga sangangomuyeza magazi kuti tidziwe ngati chalowa? Kusiyana n'kumangobaya.

Anamwino Nangozo (Mowatize), 11:58
Kuyeza kotero kulibe, ngakhale ku Maputo kapena kunja. Munthu asanayambe kudwala, magazi sawonetsa. Chikamadzawoneka ndiye kuti mwachedwa kale.

Aphunzitsi Selestinu (Ulongwe), 12:10
Ndatumiza 200 pafoni ya Make Dalitso. Ena onjezerani. Mukafika ku Vila Ulongwe mochedwa mudzagone kwathu kuno.

Jere wa Mbatata (Tsangano), 12:15
Ndayikapo 300. Koma ndikufunsabe, galu ali bwanji lero?

Make Dalitso (Domwe), 12:22
Ali bwino a Jere, koma sanamumange. Ati unyolo alibe ndipo galu wawo si wamisala. Mayi ake a pakhomopo asiya kundiyankha moni, ati ndikuwayipitsira mbiri. Njinga yapezeka ya mawa m'mamawa, lero mwini wake wapita ku msika ndi matumba a nyemba.

Anamwino Nangozo (Mowatize), 12:26
Ndikanakonda lero, koma mawa lisapitirire. Mukakafika mukanene mawu awa: mano analowa, magazi anatuluka, ndi kudzanja, galu alibe khadi. Mukafunsenso za soro, mankhwala ena obaya m'bala momwemo.

LACHINAYI

Make Dalitso (Domwe), 14:05
Tabayitsa! Pamkono chakumtunda kuno. Atipatsa khadi, alemba D0, D3, D7, D14, D28, pa D0 okha ndi pamene asayina. Soro ati palibe. Tsono ndasokonezeka powerenga. Analumidwa Lachiwiri, ndiye tsiku lachitatu si mawa Lachisanu?

Bento wa Shapa, 14:09
Lachinayi wani, Lachisanu thuu, Loweruka firii. Loweruka mayi.

Anamwino Nangozo (Mowatize), 14:20
Nonse awiri mwaphonya, ndipo si inu nokha, ndimakonza zimenezi sabata iliyonse. Kuwerenga sikuyambira tsiku lolumidwa, kumayambira tsiku la jekeseni yoyamba, ndipo tsikulo ndi ziro. Lero Lachinayi ndi D0. Lachisanu 1, Loweruka 2, Lamulungu 3. Ndiye yachiwiri ndi Lamulungu likubwerali. D7 ndi Lachinayi la sabata yamawa, D14 Lachinayi linalo, D28 Lachinayi la patatha sabata zinayi kuchokera lero. Ingokumbukirani kuti kupatula Lamulunguli, zonse ndi za Lachinayi. Ngati simunachoke, bwererani mukafunse kuti Lamulungu mukafikire khomo liti, nthawi zambiri ndi kolandirira odwala mwadzidzidzi. Muwapemphe alembe madeti enieni pambali pa ma D amenewo.

Nasibeko (Zobwe), 14:33
Mwana wa mnzanga anakabayitsa kutsidya, ku Malawi, iye anamubaya mikono yonse iwiri tsiku limodzi, timajekeseni tapakhungu totupa ngati walumidwa ndi udzudzu, maulendo atatu okha. Nanga Dalitso zisanu bwanji? Kapena wina amupatsa wochepa mphamvu?

Anamwino Nangozo (Mowatize), 14:48
Mankhwala ndi amtundu umodzimodzi, njira zobayira ndiye zilipo zingapo ndipo zonse ndi zovomerezeka. Ya Dalitsoyi ndi yakale ija ya mumnofu, jekeseni zisanu. Mu 2018 bungwe loyang'anira zaumoyo padziko lonse linanena kuti zinayi zikukwana, yomaliza n'kubayidwa pakati pa tsiku 14 ndi 28. Ilipo ina ya ziwiri tsiku loyamba, imodzi tsiku 7, imodzi tsiku 21. Imene mukunenayo ndi yapakhungu: kadontho ka 0.1 ml mkono uliwonse, tsiku 0, 3 ndi 7, sabata imodzi nkhani yatha. Imapulumutsa mankhwala chifukwa kabotolo kamodzi kamakwanira anthu angapo, koma imafuna dzanja lozolowera, ndipo kabotolo kakatsegulidwa kamayenera kutha tsiku lomwelo, m'maola ochepa. Achemwali, inu tsatani zimene zili pakhadi lanu. Musayambe kuno n'kukamalizira kwina popanda kuwonetsa khadilo.

Chimodzi choti muyang'anitsitse: asamubaye kuthako. Katemerayu ndi wa pamkono chakuphewa, makanda osakwana zaka ziwiri pantchafu. Kuthako kuli mafuta ambiri, sagwira bwino.

Bambo a Dalitso (kumigodi), 15:30
Nanga soro amene akusowayo ndi chiyaninso? Ndiye kuti katemera yekhayu ndi wosakwanira?

Anamwino Nangozo (Mowatize), 15:52
Ndiyankhe mosabisa alamu. Katemera amaphunzitsa thupi kupanga asilikali ake, koma pamatenga pafupifupi sabata kuti asilikaliwo ayambe kuwoneka. Soro ndi asilikali opangidwa kale, otengedwa m'magazi a hatchi kapena a munthu amene anabayidwa. Timamubaya m'bala momwemo ndi m'mphepete mwake kuti agwire kachirombo pomwepo m'masiku oyambawo, kuchuluka kwake timayesa ndi sikelo ya mwanayo. Pa bala ngati la Dalitso, loboola khungu, bukhu limati apatsidwe zonse ziwiri. Vuto lake soro ndi wodula ndipo amasowa m'maiko ambiri, si kuno kokha.

Akhoza kubayidwa mpaka tsiku 7 kuchokera pa jekeseni yoyamba, ndiye kuti mpaka Lachinayi likubwerali. Kupitirira apo alibenso ntchito, thupi limakhala layamba lokha. Ndifunsa anzanga mumzinda wa Tete ngati alipo. Akapanda kupezeka musataye mtima: bala lotsukidwa bwino nthawi yomweyo, ndi katemera woyambidwa msanga n'kumalizidwa, zimateteza anthu ochuluka kwambiri ngakhale popanda soro. Mphindi 15 zija sizinapite pachabe.

Amalume Zakariya, 16:40
Ndamva kuti wobayidwa jekeseni zimenezi asadye nyama ya nkhumba, asasambe madzi ozizira. Komanso kale zinali za pamchombo, makumi awiri, munthu kumalira ngati mbuzi.

Aphunzitsi Selestinu (Ulongwe), 16:55
Za pamimbazo zinalikodi amalume, sanakunamizeni. Katemera woyamba wa chiwewe anapangidwa ndi Louis Pasteur ku Faransa, mu 1885 anabaya kamnyamata ka zaka 9, Joseph Meister, kamene kanalumidwa ndi galu wachiwewe, ndipo kanapulumuka. Akalewo amapangidwa kuchokera ku ubongo ndi msana wa nyama, n'chifukwa chake anali ambiri ndi opweteka. A masiku ano ndi ena.

Anamwino Nangozo (Mowatize), 17:01
Adye chilichonse, asambe, apite kusukulu. Pamkono pakhoza kuwawa, thupi kutentha pang'ono, panado amakwana. Ndipo sangapatsire anzake, musamupatule mbale.

LOWERUKA

Make Dalitso (Domwe), 09:12
Abale zinthu zasintha. Galu uja kuyambira dzulo sakudya. Wagona pansi pa ngolo, kukamwa kuli yasa, dovu likungotsika, kuwuwa kwake kwasasa ngati si iye. Miyendo yakumbuyo ikukokeka. Sakuluma munthu, ali zii. Bambo a pakhomopo ati wamezera fupa lamukola pakhosi, m'mawa uno anamutsegula kukamwa n'kulowetsa dzanja kufunafuna fupalo. Sanapeze kanthu.

Fabiyau Mlangizi wa Ziweto (Furankungo), 09:20
Mayo ine. Fupa limenelo kulibe. Anthu amadziwa chiwewe chaukali chokha, galu wothamanga mudzi wonse, woluma mitengo ndi miyala. Chilipo china chozizira: nsagwada imafa, galu amalephera kumeza, malovu amangotayika, kenaka miyendo imalobodoka. Eni ake pafupifupi onse amati fupa, ndipo amapisa dzanja. Sindinganene motsimikiza popanda kuyeza ubongo wake, koma zimene mwafotokozazi, kuphatikiza khutu lija, ine ndikuchitenga ngati chiwewe. Auzeni bambowo asambe manja ndi sopo mphindi 15 pompano. Ali ndi zilonda m'manja?

Make Dalitso (Domwe), 09:41
Manja a mlimi a Fabiyau, ming'alu yokhayokha, ndiye dzana anadzicheka ndi chikwakwa pachala. Akukana, ati galu sanawalume.

Anamwino Nangozo (Mowatize), 09:49
Safunika kulumidwa. Malovu akafika pachilonda, m'maso kapena m'kamwa, timawerenga ngati walumidwa. Bambowo akufunika katemera lero. Mufunsenso pakhomopo: ndani wina amene galuyu anamuluma, kumukanda kapena kumunyambita pabala m'masabata awiri apitawa? Ana afunseni mofatsa, paokha. Ana amabisa poopa kukwapulidwa, ndipo mwa anthu amene amafa ndi chiwewe, pafupifupi anayi pa khumi aliwonse ndi ana osakwana zaka 15.

Jere wa Mbatata (Tsangano), 10:02
Anamwino, ndagonja. Tikanatsata zanga bwenzi mwana akuyamba lero kapena Lolemba. Komabe wantchito wanga uja tinadikira ndipo ali moyo.

Fabiyau Mlangizi wa Ziweto (Furankungo), 10:06
Galu wake anatha masiku khumi ali bwino?

Jere wa Mbatata (Tsangano), 10:08
Anatha anayi, kenaka anasowa. Tinati anapita ndi alenje. Ndi mwezi wa Juni umenewo.

Anamwino Nangozo (Mowatize), 10:13
A Jere, Juni wa chaka chino? Ndiye mutengeni mnyamatayo akabayitse. Galu wosowa timamutenga ngati wachiwewe, pakuti palibe anamuwona tsiku lakhumi. Katemerayu alibe malire oti wachedwa, malinga ngati munthu sanayambe kudwala. Ngakhale patapita miyezi timabaya ndithu.

Make Dalitso (Domwe), 13:27
Kamtsikana kawo ka zaka 5 kavomera kuti anakakanda pamwendo Lolemba. Ndiye mpongozi wawo, amene ali ndi pakati miyezi isanu ndi umodzi, ndiye amamupatsa chakudya, ati anamunyambita pachilonda cha moto. Akuopa kuti jekeseni ichotsa mimba.

Anamwino Nangozo (Mowatize), 13:35
Sichotsa. Woyembekezera, woyamwitsa, khanda, onse amabayidwa, katemerayu ndi wa kachirombo kakufa kale. Atatu onsewo apite, ndipo akanene kuti ndi galu mmodzi yemwe analuma Dalitso.

Make Dalitso (Domwe), 17:50
Anyamata a m'mudzi amva, abwera ndi zibonga amupha. Mutu aphwanyiratu. Ena amati akamutaye kudambo.

Fabiyau Mlangizi wa Ziweto (Furankungo), 18:04
Apo ndiye atitayitsa umboni. Choyezedwa ndi ubongo, mutu umayenera kufika kwa a ziweto uli wathunthu ndi wozizira. Kudambo ayi, agalu ena ndi afisi akamudya. Akumbe dzenje lakuya, amukankhiremo ndi fosholo, osagwira ndi manja, zibongazo azitsuke ndi sopo kapena azitenthe. Amene magazi kapena ubongo zamuthovukira m'maso kapena pachilonda anene. Lolemba amfumu akadziwitse a ziweto a kuboma kuti abwere, agalu onse amene amasewera naye ali pa chiwopsezo. Mudzi umatetezeka agalu asanu ndi awiri pa khumi aliwonse akabayidwa, osati kupha mmodzi n'kupita kukamwa.

Bento wa Shapa, 18:11
Nanga mbuzi zikakhala kuti anaziluma, nyama yake tidye?

Fabiyau Mlangizi wa Ziweto (Furankungo), 18:15
Mbuzi ndi ng'ombe zimadwala chiwewe nazonso. Yodwala kale musayiphe kuti mudye, wosenda ndi amene ali pangozi, mpeni ndi malovu ndi ubongo. Yolumidwa kumene isiyeni padera, a ziweto ayiwone kaye.

LOLEMBA

Make Dalitso (Domwe), 12:40
Dzulo sitinapite, mvula inagwa usiku wonse, mtsinje unadzaza njinga sinawoloke. Ndinalira usiku wonse kuti ndawononga zonse. Lero tafika, amubaya yachiwiri. Sanayambirenso, angolemba deti la lero. Ati Lachinayi tibwere monga mwa khadi. Ndi zoona zimenezi anamwino, kapena angotichotsa?

Anamwino Nangozo (Mowatize), 12:52
Ndi zoona. Kuchedwa tsiku limodzi kapena awiri sitiyambiranso, timapitiriza pamene tinalekera. Choyipa ndi kusiyira panjira. Ambiri amabaya ziwiri, bala likapola amati ndachira. Kupola kwa bala sikunena chilichonse za chiwewe. Ndipo popeza galu wafa asanayezedwe, mwayi wolekera panjira uja palibenso, Dalitso amalize zonse. Khadilo mulisunge ngati chitupa: akadzalumidwanso m'tsogolo, wobayidwa kale amangofunika ziwiri, tsiku 0 ndi 3, popanda soro.

Za soro, mnzanga wa ku Tete sanandiyankhe motsimikiza, ati afunsa kosungira mankhwala mawa. Tili ndi mpaka Lachinayi. Akapezeka, kodi mungakwanitse kufika?

Bambo a Dalitso (kumigodi), 13:05
Akapezeka ndipempha tchuthi ndikawatenge ndekha. Koma ndalama zonsezi ayenera kubweza ndi mwini galu. Ndikabwera tikakumana kwa amfumu.

Aphunzitsi Selestinu (Ulongwe), 13:12
Mlandu ulipo, koma ndikupempha uyambe anthu atamaliza jekeseni. Mukawaopseza pano adzabisala, ndiye kamtsikana kaja sikapita.

Bambo a Dalitso (kumigodi), 13:14
Aphunzitsi, anauzidwa kuti amange galu anakana. Mkazi wanga anamusiya kumuyankha moni.

Make Dalitso (Domwe), 13:31
Mpongozi ndi kamtsikana tinakwera nawo limodzi, abayidwa yoyamba, awo D3 ndi Lachinayi ndiye tidzapitira limodzi. Bambo aja akana. Ati iwo asamba ndi sopo, ndipo fodya wawo ali pofunika kuthyola sabata ino.

Nasibeko (Zobwe), 13:36
Ali ndi foni? Nditumizireni nambala pambali, ndiwayimbire ndekha madzulo ano.

Jere wa Mbatata (Tsangano), 13:44
Wanga uja ndamupeza, anapita kwawo ku Biriwiri. Akuti abwera Lachitatu. Anamwino, iyenso soro afunika, kapena poti bala linapola kalekale?

Anamwino Nangozo (Mowatize), 13:50
Anamuluma pati, ndipo magazi anatuluka? Mufunseni kaye, mundiwuze.